Chitsulo, pulasitiki, chikopa ndi thabwa pa zithunzi za katundu zopangidwa ndi kompyuta

Mapulogalamu opanga zithunzi kuchokera ku mawu, monga Midjourney ndi Stable Diffusion, anafika m'manja mwa anthu wamba mu 2022. Munthu amalemba m'kabokosi zimene akufuna kuona, ndipo pakangopita kanthawi chithunzi chimatuluka. Mawu olembedwawo pa sikirini amatchedwa `prompt`, ndipo m'nkhani ino akutchulidwa kuti malangizo. Okonza katundu watsopano ndi otsatsa malonda amagwiritsa ntchito njirayi pofuna kuona mmene wotchi, chikwama, mpando kapena wailesi zingaonekere zisanapangidwe n'komwe. Maonekedwe a chinthucho, kaya ndi chozungulira kapena cha makona anayi, makinawa sawavutikira. Pamene amapunthwa ndi pa khungu la chinthucho. Chitsulo chimatuluka chonyezimira ngati galasi, chikopa chimaoneka cha pulasitiki, ndipo thabwa limakhala ngati pepala lomatidwa pamwamba.

Gwero la vutoli n'lakuti chithunzi sachikhudza ndi chala. Wochiyang'ana amadziwa kuti ichi n'chosalala, ichi n'chokhakhala, ichi n'chozizira m'manja, chifukwa cha chinthu chimodzi chokha, chomwe ndi mmene kuwala kukuchitira kukagwa pamenepo. Malo osalala kwambiri amabweza kuwala konse mbali imodzi, choncho pamaoneka kadontho kowala kokhala ndi malire akuthwa. Malo okhala ndi timabampu tosaoneka ndi maso amamwaza kuwala uku ndi uku, ndipo kadontho kaja kamakula n'kuzimiririka pang'onopang'ono. Malo okhala ndi timizere toloza kumodzi amakukoka kuwalako n'kukhala kotalika. Ndiye wolemba malangizo akangotchula dzina la chipangizo, wanena zochepa. Ayenera kunenanso mmene chipangizocho anachimalizira ku fakitale, kumene timizere take taloza, kukula kwa timizereto, ndi kumene nyali yaikidwa.

Malangizowa nthawi zambiri amalembedwa m'Chingerezi. Mapulogalamuwa anaphunzitsidwa ndi zithunzi mamiliyoni ambirimbiri za pa intaneti pamodzi ndi mawu amene analembedwa pansi pake, ndipo ochuluka mwa mawuwo anali a Chingerezi. Zimenezi zikusonyezanso mawu amene amagwira ntchito bwino. Ndi mawu amene ogulitsa ndi amisiri amalemba pansi pa zithunzi za katundu wawo, osati mawu ongotamanda. Mawu oti `luxury` kapena `premium` amapezeka pansi pa chithunzi cha galimoto, cha mafuta onunkhira ndi cha hotela, moti sauza makina chilichonse chokhudza khungu la chinthu. Koma mawu oti `oiled walnut` amapezeka pansi pa matabwa a mtundu umodzi omalizidwa mwa njira imodzi, ndipo makinawo amadziwa chojambula.

Chitsanzo chabwino ndi wailesi ya patebulo yokhala ndi zipangizo zonse zinayi: kumaso kwake kwa aluminiyamu, thupi la pulasitiki wakuda wosanyezimira, matabwa m'mbali zonse ziwiri, ndi chogwirira cha chikopa pamwamba. Wongoyamba kumene amakonda kulemba chonchi:

```
luxury radio, metal, plastic, leather, wood, high quality, 8k
```

Chimene chimatuluka kawirikawiri ndi wailesi yokongola ndithu koma yosakhala imene imafunidwa. Chitsulo chake chimang'anima ngati bampala ya galimoto zakale, thabwa limakhala lofiirira lothiridwa vanishi wambiri, ndipo chikopa chimatha kukuta thupi lonse m'malo mokhala pa chogwirira. Makinawo sanalakwe. Sanauzidwe kuti chipangizo chilichonse chikhale pati ndiponso chioneke motani, ndiye asankha zimene anaziona kwambiri pophunzira.

Chitsulo chokwechedwa

Chitsulo chimene m'malangizo chimalembedwa kuti `brushed metal` chimapangidwa pochikwecha ndi lamba wa sandipepa, kawirikawiri wa nambala 120 mpaka 180, moloza mbali imodzi. Pamatsala timizere tambirimbiri toyenda limodzi, ndipo n'chimene chimaoneka pa zitseko za mafiriji ena, pa masinki a kukhitchini ndi pa malamba a mawotchi. Timizereti tili ndi khalidwe limene ambiri salidziwa ngakhale amaliona tsiku lililonse. Kuwala kukagwapo sikutalika motsatira timizereto ayi, kumatalika mopingasa. Ngati chitsulo chinakwechedwa kuchoka kumanzere kupita kumanja, mzere wowala umaima choongoka kuchoka pamwamba kupita pansi. Chifukwa chake n'chakuti kamzere kalikonse ndi kangalande kopendekeka m'mbali, ndipo mbali zopendekekazo zimamwazira kuwala kumtunda ndi kumunsi, pamene m'litali mwake kangalandeko n'kosalala.

Apa ndi pamene chithunzi chabodza chimagwidwira. Ngati timizere tagona chopingasa ndipo mzere wowala nawo wagona chopingasa, diso limakana ngakhale mwini wake sangathe kunena chalakwika. Ngati pa chitsulocho pakuoneka bwinobwino chithunzithunzi cha zenera kapena cha tebulo, ndiye kuti makinawo ajambula chitsulo chopukutidwa mpaka kuwala, n'kungolembapo timizere pamwamba. Chitsulo chokwechedwa chenicheni chimasokoneza chithunzithunzi, moti zenera limangooneka ngati chigamba choyera chokokedwa.

Choncho malangizo ayenera kutchula mtundu wa chitsulo, kumene timizere taloza ndi kukula kwake. Pa wailesi ija, mawu oti `fine horizontally brushed aluminium front panel` amanena zonsezi, ndiponso amanena kuti chitsulocho chili kumaso. Liwu loti `fine` lili ndi ntchito yaikulu. Likasowa, makinawo amakonda kukulitsa timizereto kuti tioneke, ndipo chitsulo chimaoneka ngati chakandidwa ndi msomali. Timizere tikapitirira kukula, liwu loti `hairline` limathandiza, chifukwa ndi limene ogulitsa zitsulo amatchulira timizere tating'ono kwambiri totalika. Wina amawonjezera `soft vertical highlight` pofuna kuti mzere wowala uime kumene uyenera kuima.

Kukwecha kuliponso kwa mtundu wina, kozungulira, kumene kumaoneka kunsi kwa mapoto ena a chitsulo ndi pa mabatani okwezera mawu. Timizere take ndi tozungulira pakati, ndipo kuwala kumapanga mapiko awiri ochoka pakatipo kupita mbali ziwiri zotsutsana. Mawu ake ndi `radial brushed` kapena `spun metal`. Ngati batani la wailesi lisiyidwa osalitchula, limatengera timizere towongoka ta kumaso kuja, ndipo limaoneka ngati lodulidwa pa lata. Palinso chisokonezo china chofala. Makompyuta ambiri a m'manja a aluminiyamu alibe timizere n'komwe. Khungu lawo amaliwomba ndi timikanda ting'onoting'ono kenako n'kulilimbitsa ndi magetsi m'madzi a asidi, ndipo mawu ake ndi `bead-blasted anodised aluminium`. Wofuna khungu limenelo akalemba `brushed` amalandira timizere timene sanatifune.

Pulasitiki wosanyezimira

Pulasitiki amasiyana ndi chitsulo pa kuchuluka kwa kuwala kumene amabweza pamwamba pake penipeni. Aluminiyamu woyera amabweza pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse, pamene pulasitiki woyang'anidwa molunjika amabweza magawo 4 kapena 5 okha. Kuwala kotsalako kumalowa pang'ono mkati, n'kutuluka kutatenga mtundu wa pulasitikiyo. N'chifukwa chake kadontho kowala pa ndowa yofiira kamakhala koyera, pamene pa mkuwa kamatenga mtundu wa mkuwawo. Chithunzi chikaonetsa pulasitiki wofiira wokhala ndi kadontho kofiira kong'anima, makinawo amusandutsa chitsulo chopakidwa utoto.

Kusanyezimira kwa pulasitiki kumachokera m'chikombole. Mkati mwa chikombole chachitsulo amakhakhalitsamo dala, ndipo pulasitiki wosungunuka akathiridwamo amatengera kukhakhalako. M'mafakitale amayeza kunyezimira ndi kachipangizo kowalitsa pa madigiri 60, ndipo chimene chapeza manambala osafika 10 chimawerengedwa chosanyezimira, pamene chopitirira 70 n'chonyezimira kwambiri. Manambalawa ndi a m'fakitale basi. Kuwalemba m'malangizo n'kutaya malo, chifukwa pansi pa zithunzi zimene makinawo anaphunzirapo sankalembapo zoterozo.

Liwu loti `matte` palokha limakhala ndi zotsatira ziwiri zosasangalatsa. Nthawi zina chinthu chimatuluka ngati choumbidwa ndi dongo, chopanda kuwala kulikonse, ndipo nthawi zina chimaoneka cha labala. Ngati mtundu wake ndi wakuda, vuto limakula, chifukwa thupi lonse la wailesi limangokhala chigamba chakuda bii chopanda ngodya. Komatu pulasitiki wosanyezimira weniweni amawala ndithu, kungoti kuwala kwake n'kotambalala, kofewa, ndipo kumaonekera kwambiri m'makona obulungira. Wolemba amene wazindikira zimenezi amatchula dzina la pulasitikiyo, monga `ABS`, amene amapangira mabokosi a zipangizo zambiri zamagetsi, n'kuwonjezera `micro-texture` ndi `soft broad highlight`. M'malo mwa `black` amalemba `charcoal`, kutanthauza kuda kwa makala, kuti pakhale mpata woti mthunzi uoneke. Ena amawonjezeranso `parting line`, kamzere kaja kamene kamatsala pamene zigawo ziwiri za chikombole zinakumana. N'kanthu kakang'ono, koma katundu weniweni wa pulasitiki amakhala nako, ndipo kakasoweka chinthu chimaoneka chongojambula.

Cholakwika chimene ambiri amachita pamenepa ndi kulemba zimene sakufuna m'malangizo momwemo, monga `not glossy`. Mapulogalamu ambiri, makamaka akale, samva bwino kukana. Amangoona liwu lonena za kunyezimira n'kubweretsa kunyezimirako. Zosafunika zili ndi malo akeake. Mu Stable Diffusion muli kabokosi kolembedwa kuti `Negative prompt`, ndipo mu Midjourney amalemba `--no` kumapeto kwa malangizo, kenako mawu a zimene zisaoneke.

Chikopa

Chikopa n'chovuta kuposa ziwiri zoyambazi chifukwa sichinapangidwe ndi makina. Pa chikopa cha ng'ombe chimene sichinapalidwe pamwamba, chimene amalonda amachitchula kuti `full-grain`, timabowo ta ubweya timaoneka, makwinya a pakhosi ndi pamimba amakhala osiyana ndi a pamsana, ndipo mtundu sukhala wofanana paliponse. Zikopa zambiri za m'masitolo n'zosiyana ndi zimenezi. Zimapalidwa, kupakidwa utoto, kenako n'kudindidwa ndi chitsulo chotentha chokhala ndi timabampu. Timabampu todinda timafanana kukula kuchoka kumapeto kufika kumapeto, ndipo chikopa chopanga cha pulasitiki chimadindidwanso chimodzimodzi. Makina opanga zithunzi akangouzidwa kuti `leather` amakonda kujambula timabampu tofanana timeneti, chifukwa ndi timene timadzaza zithunzi za masofa ndi zikwama. Zotsatira zake ndi chikopa chooneka chotchipa ngakhale wolembayo ankafuna chapamwamba.

Kafufutidwe nako kamasintha maonekedwe. Chikopa chofufutidwa ndi makungwa a mitengo, `vegetable-tanned`, chimakhala cholimba, chofiirira motuwa chikadali chatsopano, ndipo chimanka chidera ndi dzuwa ndi mafuta a m'manja. Ndicho chimene amasokera malamba ndi zogwirira. Chikopa chofufutidwa ndi mankhwala a koromiyamu, chimene ndicho chochuluka masiku ano, chimakhala chofewa ndipo chimalandira utoto wa mtundu uliwonse. Palinso `suede` ndi `nubuck`, zokhala ndi tiubweya tofewa timene timasintha mtundu tikasisitidwa ndi chala. Zimenezi sizibweza kadontho kowala ngakhale pang'ono, choncho kuphatikiza `suede` ndi `polished` m'malangizo amodzi ndi kupempha zinthu ziwiri zotsutsana.

Pa chogwirira cha wailesi, chimene chimatsimikizira diso kuti ichi n'chikopa si pamwamba pake pokha ayi. Ndi m'mphepete, pamene pamaoneka kuchindikala kwa lambayo, mwina mamilimita 3, ndi ulusi wosokera, ndiponso timakwinya timene timabwera mkati mwa popindika. Mawu oti `burnished edges` amapempha m'mphepete mopukutidwa mpaka kuda pang'ono, ndipo `cream stitching` amapempha ulusi woyererako woonekera. Msoko ndi malo oyamba kuyang'ana chithunzi chikatuluka, chifukwa makinawa amavutika ndi zinthu zing'onozing'ono zobwerezabwereza. Ulusi umayamba bwino, pakati n'kusungunukira m'chikopa, kapena mizere iwiri n'kusanduka itatu. Mawu oti `vintage` ndi `aged` ndi ofunika kusamala nawo. Wolemba amafuna kuderako pang'ono kwa chikopa chogwiridwagwiridwa, koma makina amabweretsa ming'alu ngati ya nsapato yotayidwa. Mawu oti `light patina` amapereka kuderako popanda kuwononga.

Thabwa

Mizere ya pa thabwa imadalira mmene chipika chinachekedwera. Macheka akadutsa m'mbali mwa chipika, mphete za zaka za mtengowo zimaoneka ngati mauta olowana, ndipo amisiri amalemba `flat-sawn`. Akadutsa moloza pakati pa chipika, mizere imatuluka yowongoka, yoyandikana, ndiye `quarter-sawn`. Kumapeto kwa thabwa, kumene linadulidwa mopingasa, kumaoneka zidutswa za mphete zija ndipo kumakhala kodera chifukwa kumamwa mafuta ambiri. Kumeneko ndi `end grain`. Kalipentala aliyense amadziwa kuti mbali zitatuzi zimagwirizana. Mizere ya pamwamba ikafika pakona imapitirira n'kukhala mphete za kumapeto. Makina opanga zithunzi sadziwa kuti thabwa linachokera m'chipika. Amatha kukulunga mizere yofanana mbali zonse, kapena kuika mfundo yooneka bwino pamalo pamene mizere yoizungulira sikupatuka. Pa thabwa lenileni mizere imailambalala mfundo.

Pali zinthu zina ziwiri zofunika kutchula. Choyamba ndi timabowo. Mitengo monga `oak`, `ash` ndi `walnut` ili ndi timabowo tooneka ngati timizere tatifupi takuda, pamene `maple` ndi `beech` ndi yosalala. Chachiwiri ndi chimene chinapakidwa. Mafuta amalowa m'thabwa, timabowo n'kutsala totseguka, ndipo kuwala kumakhala kofewa. Vanishi wochindikala amakhala pamwamba ngati galasi, ndiye kuwala kumene kukuoneka ndi kwa vanishiyo osati kwa mtengo. Wolemba akapanda kunena, makina amasankha vanishi kawirikawiri. Pa wailesi ija, `oiled walnut side panels with vertical grain` akunena mtundu wa mtengo, chopaka, malo ndi kolowera mizere. Kukula kwa mizere nako kumasokoneza. Thabwa la m'mbali mwa wailesi n'lalifupi, mwina masentimita 15, ndipo pamalo oterowo sipangakwane mauta ambiri ngati a pa chitseko. Chithunzi chikaonetsa mauta asanu pa kathabwa kotero, wailesiyo imaoneka yaikulu ngati kabati. Mawu oti `tight straight grain` amachepetsa vutoli.

Amisiri a ku Malawi ndi ku Zambia ali ndi vuto lawolawo pamenepa. Mitengo imene amagwiritsa ntchito, monga mlombwa ndi mbawa, makinawa saidziwa ndi mayina amenewa. Mlombwa umagulitsidwa kunja ndi dzina loti `kiaat` kapena `mukwa`, mbawa ndi `African mahogany`, ndipo phingo ndi `African blackwood`. Mayina a malondawa amathandiza, koma zithunzi za mlombwa pa intaneti n'zochepa poyerekeza ndi za mitengo ya ku Ulaya ndi ku America, choncho dzina lokha silikwanira. Pamafunika kufotokoza zimene diso limaona: mkati mofiirira mokhala ndi mizere yoderapo, ndi kunja koyera motuwa kosiyana kwambiri ndi mkatimo. M'malangizo zimenezi zingalembedwe kuti `golden to reddish-brown wood with darker streaks and pale sapwood edge`.

Nyali, ndi kuphatikiza zonse

Mawu onsewa sapindula kanthu ngati kuwala kwaikidwa molakwika. Mizere ya m'munda imaoneka bwino m'mamawa dzuwa likadali pansi, chifukwa mzere uliwonse umaponya mthunzi, koma masana dzuwa lili paliwombo munda umaoneka wosalala. Timabowo ta thabwa ndi makwinya a chikopa zimachitanso chimodzimodzi. Kuwala kochokera kumene kuli kamera kumafafaniza mithunzi yonse. Kuwala kochokera m'mbali, kodutsa mokhudza pamwamba, kumaitulutsa. Ojambula amakutchula kuti `raking light`. Chitsulo chokha chimafuna zosiyana. Poti chimangobweza zimene zachizungulira, chimafuna nyali yaikulu yofewa, `large softbox`, kuti pakhale chigamba chowala chimene timizere tingachikoke. Chitsulo choikidwa mumdima chimangooneka chakuda. Wailesi yokhala ndi zipangizo zinayi imafuna nyali zonse ziwiri.

Malangizo onse akaphatikizidwa amakhala motere:

```
product photo of a tabletop radio, fine horizontally brushed aluminium front panel, matte charcoal ABS body with micro-texture, oiled walnut side panels with vertical grain, tan vegetable-tanned leather handle with cream stitching, large softbox from left, low raking light, plain grey background
```

Ndipo m'kabokosi ka zosafunika:

```
chrome, mirror finish, glossy plastic, varnish, cracks, scratches
```

Chofunika kuona m'malangizowa ndi chakuti chipangizo chilichonse chamangiriridwa ku gawo lake la wailesi, ndipo mawu ochifotokoza ali pafupi nacho. Ngakhale zili choncho, mawu amatha kudumphira kwa mnzake. Timizere ta chitsulo timapezeka pa pulasitiki, kapena kufiirira kwa chikopa n'kulowa m'thabwa. Izi zimachitika chifukwa pulogalamuyo sigwira mawu ngati mndandanda wa malamulo, koma liwu lililonse limakoka chithunzi chonse pang'ono. Zipangizo zikachuluka, kudumphaku kumachulukanso, makamaka ngati ziwiri zili ndi mtundu wofanana. N'chifukwa chake pa wailesiyi chikopa chasankhidwa chowalirapo ndipo thabwa ndi loderapo.

Kutalika kwa malangizo kuli ndi malire. Mu Stable Diffusion 1.5, gawo lowerenga mawu limalandira tizidutswa ta mawu 77 pa nthawi imodzi, ndipo liwu lalitali limawerengedwa ngati tizidutswa tiwiri kapena titatu. Malangizo a pamwambawa akukwanamo, koma atawonjezeredwa mawu otamanda khumi, za nyali zimene zili kumapeto zikhoza kudulidwa kapena kuchepa mphamvu. Mapulogalamu atsopano amawerenga ziganizo zazitali bwinoko, ndipo kwa iwo ndi bwino kulemba ziganizo zathunthu m'malo mwa mawu olekanitsidwa ndi makoma. Komabe pafupifupi onse amalemekeza kwambiri mawu oyambirira, choncho chipangizo chimene chikukanika chimasunthidwira kutsogolo.

Poyesa, cholakwika chachikulu ndi kusintha mawu ambiri nthawi imodzi. Chithunzi chilichonse chimayambira pa nambala yotchedwa `seed`, ndipo nambalayo ikasintha chithunzi chimasinthanso ngakhale mawu ali omwewo. Wofuna kudziwa ngati liwu loti `hairline` lathandiza amasunga nambala yomweyo, n'kusintha liwu limodzi lokhalo, kenako n'kuika zithunzi ziwirizo pamodzi. Mu Midjourney amalemba `--seed` ndi nambalayo. Liwu likaoneka kuti lathandiza, ndi bwino kuliyesanso pa manambala ena atatu kapena anayi, chifukwa mwina linangochita mwayi. Mapulogalamu ena oyendetsera Stable Diffusion amalolanso kulemeretsa mawu, monga `(brushed aluminium:1.2)`, koma nambalayo ikakwezedwa kwambiri timizere timasefukira pa wailesi yonse ngakhale pa khoma la kumbuyo.

Chithunzi chiyenera kuyang'anidwa chitakulitsidwa, osati chaching'ono pa foni. Pa chithunzi cha mapikiselo 1024 m'lifupi chimene wailesi yonse ikuoneka, ulusi umodzi wa msoko umangotenga timadontho tochepa, moti makina alibe malo okwanira oujambulira bwino ngakhale mawu atakhala abwino chotani. Zikatero kuwonjezera mawu sikuthandiza. Njira imodzi ndi kupanga chithunzi china chapafupi cha chogwirira chokha, ndi mawu oti `macro close-up`. Njira ina ndi `inpainting`, pamene munthu amapaka gawo lolakwikalo ndi burashi ya pa sikirini, n'kulemba malangizo a gawo lokhalo, ndipo pulogalamu imajambulanso pamenepo osakhudza kwina. Poti m'malangizo atsopanowo muli chipangizo chimodzi chokha, kudumpha kwa mawu kuja kumachepa kwambiri.

Mawu amalephereratu pamene chithunzi chiyenera kuonetsa katundu amene alipo kale. Malangizo angatulutse thabwa la mtundu woyenera, koma sangatulutse thabwa lenilenilo limene lili pa shopu, ndi mfundo yake ndi mizere yake. Wogulitsa chikwama cha chikopa chopanga amene watsatsa ndi chithunzi cha `full-grain` waonetsa wogula chinthu chimene sadzalandira, ndipo katunduyo akhoza kubwezedwa. Pa katundu woteroyo, chithunzi chenicheni chojambulidwa pafupi ndi zenera, kuwala kukuchokera m'mbali, chimaperekedwa kwa pulogalamu kuti katunduyo akhale mmene alili, ndipo malangizo amangosintha tebulo, khoma ndi zina zomuzungulira.